Ntchito ya komishoni: mmene mungadziwire ngati akufuna wogulitsa kapena akufuna ndalama zanu

Uthenga wake umafika pa WhatsApp, kapena mumaupeza utamatidwa pamtengo wamagetsi ku Malangalanga ndi kudepoti: kampani ikufuna anyamata ndi atsikana makumi asanu, sikufunika kuti munagwirapo ntchito, malipiro ndi osiririka, bwerani Lolemba mutavala bwino. Ena mwa mauthenga amenewa ndi a ntchito yeniyeni yogulitsa malonda, yowawa koma yoona. Ena ndi a anthu amene alibe kasitomala wina kupatula inuyo amene mukufuna ntchito. Mawu awo amafanana, maofesi awonso akhoza kufanana, choncho musaweruze ndi suti ya amene akuyankhula. Chimene chimawasiyanitsa ndi kumene ndalama ya komishoni ikuchokera: kodi ikuchokera m'thumba la munthu wakunja amene wagula katundu chifukwa akumufuna, kapena m'thumba la munthu watsopano amene walipira kuti alowe?

Musanakwere minibasi

Yambani pafoni. Funsani dzina la kampani, katundu amene mukagulitse, ndi mtengo wake kwa wogula. Kampani yogulitsa nyale za sola, mbaula, inshulansi kapena mayunitsi imayankha zimenezi mwachangu, chifukwa katunduyo ndiye chakudya chake. Akakuyankhani kuti "zonse mukamva kuseminala" kapena "zimenezi sitikamba pafoni", dziwani kuti akufuna mukamve muli pagulu, anthu akuwomba m'manja, pomwe kufunsa kumachititsa manyazi. Funsaninso ngati pali ndalama iliyonse imene muyenera kulipira, ndipo mufunse polemba kuti yankho likhale m'foni mwanu.

Mukafika, onani mmene intavyu ikuyendera. Wolemba ntchito weniweni amasankha, amakufunsani mafunso, ndipo ena amabwezedwa. Mukapeza anthu makumi anayi m'holo yobwereka, palibe amene wayang'ana mapepala anu asukulu, ndipo pomaliza akuti nonse mwapambana, sikuti mwayi wakugwerani ayi. Kampani yotenga aliyense ndi kampani imene siluza kalikonse inu mukalephera. Mvetseraninso chimene wolankhula akuthera nthawi. Ngati ola lathunthu latha akujambula mabwalo pabolodi, munthu mmodzi pamwamba, awiri pansi pake, anayi pansi pa awiriwo, ndipo za katundu wangokamba mphindi zisanu, wakuuzani kale chimene chimagulitsidwa pamenepo.

Tsikulo musalipire kanthu. "Mtengo uwu ukutha lero madzulo" ndi mawu amene mudzawamvanso Loweruka lotsatira.

Ndalama imene akukupemphani

Apa pamafunika kusiyanitsa bwino, chifukwa si ndalama iliyonse yolipira imene ili yachinyengo. Amene akufuna kukhala ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba amaika ndalama yake yoyendetsera ntchitoyo, koma ndalamayo imakhalabe yake, amaiona m'foni, ndipo akafuna kusiya amaitapa. Wopikula katundu ku Bwalo la Njobvu kukagulitsa ku Chinsapo nayenso amalipira, koma amasankha yekha chogula ndi kuchuluka kwake, ndipo palibe amene amamuuza kuti walembedwa ntchito. Imeneyo ndi geni, ndipo aliyense amaitcha geni.

Chokayikitsa ndi ndalama yolipira kuti mupatsidwe mwayi wogulitsa: ya fomu, ya maphunziro, ya yunifolomu yodula kuposa ya kusukulu, kapena ya phukusi la katundu limene simungalikane. Funsani mafunso awiri. Loyamba, ndikasintha maganizo sabata yamawa, katundu ali wosatsegula, mundibwezera zingati ndipo zalembedwa pati? Lachiwiri, amene wandiitanayu alandira zingati ine ndikalipira? Funso lachiwirili anthu amachita nalo manyazi chifukwa nthawi zambiri wokuitanani ndi mlamu, mnzanu wa kukwaya kapena amene munali naye kalasi imodzi. Lifunseni basi. Ngati alandira ndalama tsiku limene inu mwalipira, musanagulitse ngakhale chinthu chimodzi, ndiye kuti malonda achitika kale, ndipo wogula ndinu.

Onaninso kumene ndalama ikupita. Kampani yolembetsedwa imakhala ndi akaunti m'dzina lake ndipo imapereka lisiti lokhala ndi dzina lake ndi nambala yake ya msonkho ya ku MRA. Kutumiza ku nambala ya foni ya "manijala" ndi kutaya umboni. Koma chikalata cha ku ofesi yolembetsa makampani chimene achipachika pakhoma chisakugonetseni tulo: chimangosonyeza kuti dzinalo linalembetsedwa, osati kuti boma layesa kachitidwe kawo n'kukavomereza.

Masamu a mwezi umodzi, osalowetsa munthu aliyense

Iyi ndiyo ntchito yaikulu, ndipo imafuna pepala ndi cholembera. Werengani chimene mungapeze pamwezi pogulitsa katundu yekha kwa anthu amene si abale anu, osabweretsa wogulitsa mnzanu ngakhale mmodzi. Tiyerekeze kuti mtsikana wa ku Eriya 25 wapatsidwa mwayi pamalo awiri. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekezera, inu muikemo yanu yeniyeni.

Malo oyamba amagulitsa sola yapanyumba pa K180,000, wogula n'kumalipira pang'onopang'ono. Salipiritsa kanthu polowa. Komishoni ndi K8 pa K100 iliyonse, kutanthauza K14,400 pa sola imodzi. Pa komishoni pamadulidwa msonkho wa boma wolipira asanakupatseni, umene kwa zaka zambiri wakhala K20 pa K100 iliyonse. Pamenepa pachoka K2,880, patsala K11,520. Tsopano zotuluka: minibasi ndi kabaza K3,000 patsiku kwa masiku 22 ndi K66,000, mayunitsi ndi bandulo K12,000, zonse pamodzi K78,000, nkhomaliro osawerengera. Kuti angobweza zimene wawononga, mtsikanayu ayenera kugulitsa sola zisanu ndi ziwiri. Akagulitsa khumi, watsala ndi K37,200. Akagulitsa 16, watsala ndi K106,320.

Ntchito imeneyi ndi yoona, chifukwa tambala iliyonse ya komishoni yachokera kwa wogula amene akuunikira nyumba yake. Koma kukhala yoona sikutanthauza kuti ndi yabwino. Zonse zagona pa nambala ya sola zimene munthu wamba amagulitsa pamwezi, ndipo nambala imeneyo musaitenge kwa wolemba ntchito. Iye adzakuuzani za katswiri wawo amene anagulitsa 40 m'mwezi wokolola. Pemphani kuti muyankhule ndi ogulitsa awiri amene atha miyezi isanu ndi umodzi, muwafunse panja pa ofesi zimene analandira mwezi watha ndi mwezi wa Febuluwale, pomwe anthu alibe ndalama. Mukapeza kuti palibe wogulitsa amene wakhalapo miyezi isanu ndi umodzi, limenelonso ndi yankho.

Malo achiwiri amagulitsa tiyi amene akuti ndi wopatsa thanzi. Kulowa ndi K250,000, ndipo amakupatsani mabokosi khumi amene akuti lililonse limagulitsidwa K30,000. Pabolodi zikuoneka bwino: mukagulitsa onse mupeza K300,000, phindu K50,000. Mukatha amenewo, membala amagula bokosi pa K22,500, choncho phindu ndi K7,500 pabokosi. Mukabweretsa munthu mumalandira K35,000, ndipo mukakhala ndi anthu awiri pansi panu, wina kumanzere wina kumanja, mumalandiranso K40,000. Kuti mupitirize kulandira, mwezi uliwonse muyenera kugula mabokosi awiri pa K45,000.

Mtengo wa K30,000 uja anautchula ndi kampani. Mtengo weniweni mukaupeza pa Facebook ndi m'magulu ogulitsirana a pa WhatsApp, kumene mamembala amene atopa akugulitsa mabokosi awo kuti apulumutseko kangachepe. Tinene kuti kumeneko bokosi likupita pa K15,000. Ndiye kuti phukusi la K250,000 lija ndi katundu wa K150,000, ndipo mtsikanayu waluza K100,000 tsiku lomwe walipira. Mwezi uliwonse akuwonjezera kuluza K15,000 pa mabokosi awiri okakamizidwa aja. Pogulitsa tiyi yekha sangatulukemo, chifukwa wogula aliyense wochenjera akagula kwa wotopa uja pa theka la mtengo.

Njira yokhayo yotsekera dzenje ndi kubweretsa anthu. Akabweretsa awiri alandira K35,000 kawiri ndi K40,000 ya kumanzere ndi kumanja, zonse K110,000. Wabweza yake, koma anthu awiriwo atulutsa K500,000, ndipo aliyense wa iwo ali m'dzenje lomwelo la K100,000. Yang'ananinso mmene kampani yaikira mphotho: munthu mmodzi akubweretsa K55,000, bokosi limodzi K7,500 ngakhale pamtengo wa pabolodi. Munthu mmodzi akuposa mabokosi asanu ndi awiri. Palibe amene angayende dzuwa lonse ku Kawale ndi tiyi pamene kukopa msuweni mmodzi kukulipira chonchi, ndipo eni ake anakonza dala kuti zikhale choncho.

Lamulo la mabokosi awiri pamwezi lija ndi lofunika kulimvetsa, chifukwa ndilo limabisa zonse. Kampani imatha kunena moona kuti yagulitsa katundu wambiri, pomwe ogulawo ndi mamembala ake omwe, ogula kuti asachotsedwe pamndandanda wolandira. Mukafuna kuona ndi maso, pitani kunyumba kwa amene wakuitananiyo. Mabokosi akaunjikana pamwamba pa kabati, ena atatsala pang'ono kutha mphamvu, mwaona kumene malondawo amathera.

Chifukwa chake olowa mochedwa sapeza kanthu

Amakuuzani kuti mungopeza anthu asanu, iwonso apeze asanuasanu, basi mwalemera. Chulukitsani: 5, kenako 25, 125, 625, 3,125, mpaka pamzere wachisanu ndi chinayi pakufunika anthu 1,953,125. Kalembera wa 2018 anapeza anthu osakwana miliyoni imodzi mumzinda wonse wa Lilongwe, kuphatikizapo makanda ndi agogo. Pamzere wa 11 pakufunika anthu oposa 48 miliyoni, pomwe dziko lonse pa kalembera yemweyo linali ndi anthu pafupifupi 17.5 miliyoni. Ndipo paliponse pamene unyolowu waimira, anthu anayi mwa asanu alionse amakhala pamzere wapansi, atalipira koma opanda wowalipira. Sikuti ndi aulesi monga amanenera kuseminala. Masamuwo salola kuti ambiri apindule.

M'moyo weniweni unyolo umaduka msanga kuposa apa, chifukwa anthu amene angatulutse K250,000 pampingo umodzi kapena muofesi imodzi ndi owerengeka, ndipo onse olowa akulimbirana omwewo. Mukapeza kuti anthu atatu osiyana akuitanirani kale chinthu chomwechi, dera lanu lakhuta.

Lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda limaletsa malonda a unyolo otere, ndipo bungwe la CFTC, limene likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno, ndilo limalandira madandaulo ake. Kukhala ndi katundu weniweni m'bokosi sikuyeretsa kachitidwe ngati ndalama yaikulu ikuchokera pa kulowetsa anthu. Ngati zimene akugulitsa ndi inshulansi, ngongole kapena kusungitsa ndalama kuti zibereke, woyang'anira ndi Banki Yaikulu ya dziko lino, ndipo mungafunse kumeneko ngati kampaniyo ili ndi laisensi. Akamati katundu wawo amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka pakamodzi, kumbukirani kuti amene adzayang'anizane ndi achibale a wodwala amene anasiya mankhwala akuchipatala ndi inuyo wogulitsa, osati mwini kampani ali kunja.

Mtundu wina umene sulipiritsa polowa

Pali makampani ena amene sakupemphani ndalama, katundu wawo ndi weniweni, koma amalemba anthu sabata iliyonse chaka chonse. Chimene akufuna ndi abale anu. Tsiku loyamba la maphunziro amakuuzani kuti mulembe mayina makumi asanu a anthu owadziwa ndi manambala awo. Mwezi woyamba mumagulitsa kwa azakhali, abusa ndi aneba amene akukumverani chisoni. Mwezi wachiwiri mndandanda watha, simukufika pa tageti, mwasiya nokha, ndipo makasitomala ndi manambala aja atsala kukampani. Yesani kuwafunsa kuti makasitomala atsopano amachokera kuti: kodi pali dera limene akupatsani inu nokha, kodi kampani imalengeza malonda ake, kodi imakupatsani mayina a anthu amene afunsapo kale? Ngati yankho lake ndi "aliyense amene mukumudziwa", werengani phindu la mwezi wachitatu, osati la woyamba.

Zoyenera kukhala papepala

Mukaona kuti ntchitoyo ndi yoona ndipo masamu akutuluka, musayambe ndi pangano lapakamwa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo pa komishoni mikangano yambiri imabuka pa tsiku lolandira osati pa kuchuluka kwake. Pepala linene kuti komishoni imakhala yanu liti: wogula akasaina, akapereka ndalama yoyamba, kapena akamaliza kulipira? Pa katundu wangongole monga sola ija, makampani ena amapereka theka poyamba, theka lina wogula akalipira miyezi ingapo osadumphitsa. Pa mtsikana uja, ndiye kuti mwezi woyamba alandira K57,600 pa sola khumi, pomwe wawononga K78,000. Ayenera kukhala ndi poyambira pa miyezi iwiri kapena itatu, apo ayi athera kwa akatapila akudikira ndalama yake yomwe.

Pepala linenenso chimene chimachitika wogula akabweza katundu kapena akasiya kulipira. Kawirikawiri komishoni imene munalandira kale amaidula pa ya mwezi wotsatira, makamaka pa inshulansi. Zimenezi si kuba ngati zinalembedwa ndipo zili ndi malire a nthawi, koma zikakhala zopanda malire mukhoza kugwira ntchito mwezi wathunthu n'kupezeka kuti muli ndi ngongole kukampani. Samalani ndi tageti ya mtundu wakuti osafika sola khumi salandira kalikonse: wogulitsa zisanu ndi zinayi wagwirira kampani ulere. Funsaninso za komishoni imene ili m'njira pa tsiku limene mwasiya ntchito, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri amaluzira.

Katundu amene mwatenga kukagulitsa musainire nambala yake ndi mmene alili, ndipo mukabweza wotsala asainenso iwo, pepala lina mutenge. Sungani kabuku kanu ka malonda: tsiku, dzina la wogula, nambala ya katundu, ndalama. Akadula msonkho, pemphani chikalata chosonyeza kuti msonkhowo wapitadi kuboma m'dzina lanu, chifukwa pali ena amene amadula koma osapereka. Chiphaso cha unzika ndi masatifiketi enieni asatsale m'dirowa ya bwana ngati chikole. Apatseni mafotokope.

Kenako funsani mosabisa ngati ndinu wantchito kapena ejenti woima payekha, chifukwa zotsatira zake n'zosiyana. Wantchito ali pansi pa Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000: ayenera kupatsidwa mfundo za ntchito yake zolembedwa, ali ndi tchuthi, amatetezedwa ndi malipiro ochepetsetsa amene boma limalengeza, ndipo lamulo la penshoni limati bwana aziika K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito K5. Ejenti alibe zonsezi, koma ayenera kukhala ndi ufulu wake: kusankha maola, kugulitsanso katundu wina. Vuto ndi kampani yofuna mbali zonse ziwiri, yokuitanani kumsonkhano 7 koloko m'mawa tsiku lililonse, yokudulani mukachedwa, yokuletsani kugwira kwina, koma pa malipiro n'kumati ndinu "bwana wa inu nokha". Lamulo siliyang'ana dzina lokha limene lalembedwa pamgwirizano. Limayang'ananso ngati munthu akudalira kampaniyo pa chakudya chake ndi kuigwirira ntchito mofanana ndi wantchito. Nkhani zotere zimayambira ku ofesi ya Leba ya boma, zikakanika zimapita kukhoti loona milandu ya anthu apantchito. Mauthenga okulamulani nthawi yofika ndi buku losainira m'mawa ndiwo umboni wanu, choncho musawafufute.

Ngati munalipira kale

Choyamba lekani kugula mabokosi a pamwezi. Amene ali pamwamba panu adzakuuzani kuti mutaya udindo ndi mapointi, koma mapointi sagula ufa, ndipo mwezi uliwonse umene mwapitiriza dzenje likukula ndi K15,000 ija. Musatenge ngongole kubanki mkhonde kuti mukwere paudindo wina, ndipo musayese kubweza yanu polowetsa mbale wanu, chifukwa pamenepo mwasanduka woitana, ndipo ndalama yake adzailonjerera pakhomo panu.

Sonkhanitsani umboni musanayambe kudandaula, chifukwa odandaula amachotsedwa m'gulu la WhatsApp msanga: malisiti, mauthenga otsimikiza kuti munatumiza ndalama, chithunzi cha chilengezo chimene chinati ndi ntchito, ndi pepala la mphotho zawo. Lembani kalata kukampani yopempha kubweza katundu wosatsegula ndi kulandira ndalama yanu, muikemo tsiku lomalizira, ndipo wolandira asaine pakope yanu. Akakana kapena akangokhala chete, tengani zonsezo ku CFTC, ndipo ngati anthuwo atseka ofesi n'kuzimitsa mafoni, pitani kupolisi. Mukapita angapo pamodzi, aliyense ndi malisiti ake, nkhani imamveka msanga kuposa ya munthu mmodzi. Mabokosi otsala agulitseni pamtengo umene anthu akuguladi, muyambire amene tsiku lake lotha mphamvu layandikira, ndipo wogula muzimuuza kuti ndi tiyi basi.